Malipiro atsika, ngongole ili pompo: mapepala opita nawo ku banki

"Kuntchito atidula malipiro. Ndinkalandira K650,000, pano ndi K420,000, koma banki ikudulabe K210,000 pamwezi. Ndikufuna kupempha kuti andichepetsere. Kodi kalata yanga ndiiphatikize ndi mapepala ati?"

Bambo, amene adzawerenge kalata yanuyo adzafuna umboni wa zinthu ziwiri: kuti ndalama zatsikadi, komanso kuti zotsalazo zingakwane kubweza pang'onopang'ono. Ambiri amakonzekera choyambacho, chachiwiri n'kuiwala. Mukangodandaula, mumaoneka ngati munthu amene sadzabwezanso.

Yambani ndi kalata ya abwana anu, yosainidwa ndi yodindidwa, yonena tsiku limene malipiro anasintha komanso ngati n'zakanthawi kapena ayi. Ikanipo mapeyisilipi atatu akale ndi onse atsopano, kuti kusiyanako kuoneke kokha. Kenako sitetimenti ya akaunti ya miyezi isanu ndi umodzi. Ngati mayi akunyumba ali ndi kageni, kapena muli ndi nyumba ya lendi, ndipo ndalamazo zimadzera pa Mpamba kapena Airtel Money, kapempheni sitetimenti yake. Ndalama ya pamanja yopanda pepala, ku banki saiwerenga.

Pepala lofunika kwambiri mulemba nokha: ndondomeko ya ndalama za pamwezi. Tiyerekeze kuti lendi, chakudya, magetsi, madzi, thiransipoti ndi fizi zikukwana K290,000. Zotsala ndi K130,000, ndiye mungapemphe kumabweza K120,000. Manambalawa agwirizane ndi sitetimenti. Mukalemba lendi ya K150,000, pangano la lendi likunena K90,000, zina zonse azikayikira. Ndipo ngati sitetimenti yadzaza ndi kubetcha mpira, dziwani kuti adzaona ndithu.

Musanasaine, werengerani mtengo wake. Tinene kuti ngongole yotsala ndi K2,400,000 pa chiwongoladzanja cha 36 pa 100 pachaka. Mwezi woyamba chiwongoladzanja chokha ndi K72,000. Pa K210,000 mukanamaliza m'miyezi pafupifupi 14, koma pa K120,000 ndi miyezi 31, ndipo mudzalipira pafupifupi K740,000 yoonjezera. N'chifukwa chake kalata ya abwana ija ndi yofunika: ikanena kuti malipiro abwerera pakatha miyezi inayi, pemphani kuti akuchepetsereni kwa miyezi inayi yokhayo.

Ngongole zina musabise. Mabanki amafufuza ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data, ndipo ya ku SACCO kapena ku banki ina ikhoza kutulukira. Ya banki m'khonde mwina sangaione, komabe ilembeni, poti Loweruka likafika amayi aja adzaifuna.

Zotsala n'zachidule: fotokope ya chiphaso cha unzika, pangano la ngongoleyo, ndipo ngati munaika chikole cha galimoto, bulubuku ndi inshuwalansi yosatha masiku. Pitani tsiku lodula lisanafike, musanaphonye mwezi. Tengani makope awiri, imodzi akudindireni ndi tsiku lake mubwerere nayo kunyumba. Podikira yankho pitirizani kulipira, chifukwa pangano lakale likugwirabe ntchito mpaka mutasaina latsopano.