Invoyisi yowerengera yokha mu Excel, ndi momwe mungaitetezere kwa zala zanu

"Ndimaperekera zipangizo zolembera m'masukulu ndi m'maofesi kuno ku Zomba. Invoyisi ndimalemba mu Excel, koma nthawi zonse ndimatsegula ya mwezi watha n'kufufuta zakale, kenako ndalama zonse ndi VAT ndimawerengera pa foni. Mwezi wathawu akauntanti wa sukulu ina anandibwezera invoyisi chifukwa masamu sanagwirizane, ndipo malipiro achedwa milungu itatu. Ndingapange bwanji imodzi yomawerengera yokha, yoti ndizingoigwiritsa ntchito?"

Mayi, pepani ndi milungu itatuyo. Mafomula amene mukufuna ndi anayi okha, ndipo muwalemba m'mphindi khumi. Ntchito yambiri ili pokonza pepalalo kuti inuyo, kapena mwana amene amakuthandizani mushopu, musadzawononge mafomulawo tsiku lina muli pa changu. Tsegulani Excel, tiziyendera limodzi.

Mizere khumi yoyambirira ikhale ya mutu: dzina la bizinesi yanu, TPIN, nambala ya foni, dzina la kasitomala, nambala ya invoyisi ndi tsiku. Apa palibe masamu, ikani mmene mukukondera. Pa mzere 11 lembani mitu ya makolamu. A akhale wa nambala, B wa dzina la katundu, C wa kuchuluka kwake, D wa mtengo wa chimodzi, ndipo E wa ndalama zonse za mzerewo. Katundu azilembedwa kuyambira mzere 12 mpaka 26, yomwe ndi mizere khumi ndi isanu. Ngati mumakhala ndi maoda aatali wonjezerani panopa, chifukwa tikakhoma pepalali kuwonjezera mzere kudzafuna kuyamba mwatsekula.

M'kabokosi ka E12 lembani izi, kenako mugwire pakona yakumunsi kumanja kwa kabokosiko n'kukokera mpaka E26:

```
=IF(OR(C12="",D12=""),"",ROUND(C12*D12,2))
```

Mtima wa fomulayi ndi C12*D12 basi, kuchuluka kuchulukitsa ndi mtengo. Mbali yoyambayo ikungouza Excel kuti ngati simunalembe kuchuluka kapena mtengo, kabokosiko kakhale kopanda kanthu. Popanda imeneyo, invoyisi ya katundu atatu imatuluka ndi maziro khumi ndi awiri atandandalika mpaka pansi, ndipo imaoneka ngati ya munthu amene sanamalize ntchito. Za ROUND tikambirana tikafika pa msonkho.

Kompyuta ikakana fomulayi n'kukuuzani kuti ili ndi vuto, musafulumire kuganiza kuti mwalemba molakwika. Makompyuta ena, makamaka malaputopu amene abale amatitumizira kuchokera ku Joni, anatcheredwa kuti azifuna chizindikiro cha ; pamalo pamene ine ndaika koma. Sinthani makoma onse olekanitsa mbali za fomula akhale chizindikiro cha ; chimenechi, ndipo ilola.

Mzere 27 musalembepo chilichonse. Uchepetseni ukhale kamzere kopyapyala, mukafuna muupake mtundu. Pa E28 ndi pamene pakhale ndalama zonse msonkho usanalowe:

```
=SUM(E12:E27)
```

Mwaona kuti ndaphatikiza mzere 27 wopanda kanthu uja. Ndachitira dala. Tsiku lina mudzafuna mzere wina ndipo mudzauika pansi pa womaliza. Fomula ikanathera pa E26, mzere watsopanowo ukhoza kutsala kunja, katundu n'kumaoneka papepala koma ndalama zake osawerengedwa. Ine zinandichitikira pa invoyisi ya ofesi ina: mzere wa inki ya printa unatsala, iwo analipira ndalama zimene zinalembedwa pansi, ndipo kupita kukapempha zotsalazo kunali kochititsa manyazi kuposa kuzitaya. Mzere uliwonse umene mungaike pamwamba pa kamzere kopyapyala kaja umagwera m'kati mwa fomula, ndiye umawerengedwa, bola mwakokeramo fomula ya pa E ija.

Tsopano msonkho. Mlingo wa VAT musaulembe m'kati mwa fomula. Upatseni kabokosi kakekake, D29, ndipo mulembemo mlingo umene MRA ikugwiritsa ntchito lero. Boma likausintha mudzangosintha kabokosi kamodziko. M'chitsanzo changa ndaika 16.5%, mlingo umene tinauzolowera kwa zaka zambiri. Chizindikiro cha % musachiiwale. Pa E29 ndi pa E30 lembani mafomula awa motsatana:

```
=ROUND(E28*D29,2)
=E28+E29
```

Tiyese ndi oda yeniyeni. Sukulu yaitanitsa marimu 12 a mapepala pa K9,500, mabokosi 30 a choko pa K2,750 ndi mafayilo 45 pa K3,350. Kolamu E ionetse 114,000, kenako 82,500, kenako 150,750. Pa E28 pabwere 347,250, VAT ikhale 57,296.25, ndipo zonse pamodzi 404,546.25. Lembani manambala omwewa pa yanu muone ngati zikufanana musanapitirire. Mukaona VAT ya 5,729,625, ndiye kuti mwalemba 16.5 wopanda %, ndipo Excel yachulukitsa ndalama zanu ndi 16.5 yeniyeni.

Nanga ROUND ndi wa chiyani, poti matambala palibe amene amawaonanso pamsika? Akauntanti amawaona. Ndalama za oda ija zikanakhala 347,255, VAT yake ikanakhala 57,297.075. Excel imatha kukuonetsani 57,297.08 pamene m'mimba mwake yasunga nambala yaitali ija, ndipo powonkhetsa imagwiritsa ntchito yobisikayo. Pa invoyisi imodzi kusiyanako sikuoneka kawirikawiri, koma mukawonkhetsa ma invoyisi a mwezi wonse mumapeza tambala imodzi kapena awiri osadziwika kochokera. ROUND amadula nambalayo pa manambala awiri a matambala, kuti chimene chikuoneka papepala chikhale chomwecho chimene chikuwerengedwa. Kuti manambala azioneka bwino, sankhani makolamu D ndi E kupatula D29, dinani Ctrl+1, sankhani Number, ndipo muchonge Use 1000 Separator.

Pali msampha wina umene ndikuukayikira kuti ndi umene unakubwezetsani invoyisi, chifukwa umagwira anthu ambiri owerengera pa foni. Nthawi zina mumagwirizana ndi kasitomala mtengo womwe VAT ili kale m'kati. Tinene kuti mwagwirizana K404,546.25. Munthu amatenga 16.5% ya ndalama imeneyi n'kunena kuti ndiye msonkho, zomwe zimapereka 66,750.13. Zalakwika ndi K9,453.88, chifukwa msonkho umawerengedwa pa mtengo usanalowe msonkho, osati pa ndalama zonse. Njira yake ndi kugawa: 404,546.25 kugawa ndi 1.165 kumabweza 347,250 uja, ndipo chotsalacho ndiye VAT. Malangizo anga ndi oti mu kolamu D muzilemba mitengo yopanda VAT nthawi zonse, ndipo mulembe zimenezo pamutu wa kolamuyo kuti aliyense aziona. Kusakaniza mitengo ya mitundu iwiri pa invoyisi imodzi palibe fomula imene ingakupulumutseni.

Ngati pa katundu wanu pali wina wosalipiritsidwa VAT, wonjezerani kolamu F, muzilembamo V pa mzere uliwonse wolipira msonkho, ndipo E29 isinthe ikhale chonchi:

```
=ROUND(SUMIF(F12:F27,"V",E12:E27)*D29,2)
```

Kuipa kwake n'koti mukaiwala V mmodzi, msonkho umachepa mwakachetechete. Ngati katundu wanu yense ndi wolipira, kolamu imeneyi isiyeni. Ndinenenso pano kuti VAT amalipiritsa ndi amene analembetsa VAT ku MRA. Kukhala ndi TPIN pakokha si chilolezo. Amene sanalembetse aike 0% pa D29. Ndipo kwa olembetsa, pepala la Excel sililowa m'malo mwa lisiti lovomerezeka ndi MRA.

Tsiku la invoyisi lili ndi nkhani yakeyake. Ambiri amaikapo =TODAY() poona kuti ndi zanzeru, tsiku likubwera lokha. Koma limasinthanso lokha. Invoyisi ya mu Malichi mukadzaitsegula mu Juni pokumbutsa ngongole, idzaonetsa tsiku la mu Juni, ndipo amene akukuzembani adzakuuzani kuti masiku 30 sanakwane. Siyani kabokosiko kopanda kanthu, ndipo polemba invoyisi muzidina Ctrl ndi ; pamodzi. Tsiku la lero limalowa n'kukhazikika. Nambala ya invoyisi nayonso muzilemba ndi manja. Kuti iziwonjezekera yokha pamafunika kapulogalamu kena kamene sindikuona phindu lake pa bizinesi ngati yanu. Kope wamba lolembamo nambala, tsiku, kasitomala ndi ndalama likukwanira, ndipo lomwelo lidzakuuzani amene sanalipire.

Tafika pokhoma. Excel imatenga timabokosi tonse ngati tokhomedwa kale, kungoti loko wake sagwira mpaka mutamuyatsa. Ndiye timayamba ndi kumasula timene muzilembamo: dzina la kasitomala, nambala, tsiku, ndi A12 mpaka D26, komanso F ngati mwamuika. Tisankheni, dinani Ctrl+1, pitani pa Protection ndipo muchotse chongi pa Locked. Mukatero pitani pa Review n'kudina Protect Sheet. Ikakufunsani mawu achinsinsi mutha kusiya osalemba, chifukwa sitikutchinga wakuba, tikutchinga chala chimene chimalemba 114000 pamwamba pa fomula. Vuto limenelo ndi loipa chifukwa tsiku limenelo nambala imakhala yolondola, ndipo imadzalakwika pa invoyisi yotsatira.

Musanakhome, chitaninso kanthu kamodzi. Munthu akalemba K9,500 ndi K yemwe, kapena "12 rimu", Excel imaona mawu osati nambala, ndipo pa E pamatuluka #VALUE!. Mungazindikire msanga poona kuti nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi pamene mawu amatsamira kumanzere. Sankhani C12 mpaka D26, pitani pa Data, Data Validation, pa Allow musankhe Decimal, kenako greater than ndi 0. Kuyambira pamenepo idzakana chilichonse chosakhala nambala.

Zosindikiza n'zachidule. Sankhani invoyisi yonse, pa Page Layout dinani Print Area kenako Set Print Area, pepala likhale A4, ndipo pa Width musankhe 1 page kuti kolamu ya ndalama isathawire pa tsamba lachiwiri.

Chomaliza ndi chimene chithetse chizolowezi chotsegula ya mwezi watha. Fufutani katundu wa chitsanzo uja, pitani pa File, Save As, ndipo pa mtundu wa fayilo musankhe Excel Template (*.xltx). Excel iika fayiloyo mu foda ya Custom Office Templates, ndipo muziipeza pa File, New, Personal. Mukaitsegula motero, kapena kuidina kawiri mu foda, chimene chimatseguka ndi kope latsopano, yoyambirira ija imakhala osakhudzidwa. Koma mukadzera pa File, Open, mumatsegula yeniyeniyo, choncho njira imeneyo muziigwiritsa ntchito pokhapokha mukusintha mlingo wa VAT kapena nambala ya akaunti ya kubanki.

Invoyisi iliyonse muziisunga ndi dzina lokhala ndi nambala yake ndi dzina la kasitomala, ndipo kwa kasitomala muzitumiza PDF, osati fayilo ya Excel. Ya sukulu ija ilembeninso mu yatsopanoyi, muyerekeze ndi yomwe inabwezedwa, mzere ndi mzere. Mukapeza kuti kusiyana kuli pa VAT yokha, yang'anani ngati mtengo umene munagwirizana nawo unali ndi msonkho kale.