Chitenje ichi n'chawakisi kapena n'chongodinda?

"Mlamu wanditumizira chithunzi cha chitenje kuchokera ku Lusaka, akuti n'chawakisi weniweni. Ndingadziwe bwanji ndisanatumize ndalama?"

Achemwali, auzeni alamu anuwo apinde ngodya imodzi, kuseri ndi kutsogolo kuonekere pa chithunzi chimodzi. Ajambule panja pamthunzi, chifukwa getsi la m'nyumba limasintha mitundu.

Pa chitenje chawakisi, phula limaikidwa mbali zonse ziwiri, kenako nsaluyo imamizidwa mu utoto. N'chifukwa chake kuseri kumawala pafupifupi ngati kutsogolo. Chongodinda chimalandira utoto mbali imodzi, ndiye mukachitembenuza n'chotuwa, maluwa akungooneka mwa apo ndi apo. Mukaona zotero, musalipire mtengo wa wakisi.

Kenako kulitsani chithunzicho ndi zala. Muona timizere tosweka ngati ming'alu ya dothi la m'dambo likauma, ndi timadontho toyera pomwe phula linatsalira. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa, chifukwa opanga zotsika mtengo amadindanso ming'aluyo. Ndiye yerekezerani maluwa awiri ofanana. Pa wakisi weniweni ming'alu ya duwa ili imasiyana ndi ya linzake, koma ikafanana ndendende, yachita kudindidwa ndi makina.

Zolembedwa m'mphepete musazidalire kwambiri, chifukwa ngakhale dzina la Vlisco, kampani yotchuka ya ku Holland yopanga zitenje zawakisi, amakopera.

Chomwe chithunzi sichingakuuzeni n'chakuti ndi thonje kapena poliyesitala. Alamu anuwo asolole ulusi pang'ono, autenthe ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesitala amasungunuka n'kuuma kukhala kampira kolimba.