Za Auracast mu holo: nambala ya pa katoni inandichititsa manyazi ku Senga Bay

"Abale, ku tchalitchi kwathu kuno ku Nkhotakota kukubwera alendo akunja mwezi wamawa. Tikufuna womasulira azilankhula pa maiki, anthu 50 azimvera m'makutu pa Bluetooth yatsopano ija ya Auracast. Wogulitsa akuti mahedifoni aliwonse olembedwa 5.3 agwira. Tigule?"

Mayi, musatumize kaye ndalamazo, chonde. Mawu omwewo ndi amene anandigwetsa ine chaka chatha, moti mpaka lero anyamata a pa Kamuzu Road akandiona amakuwa kuti "Bluetooth wafika!"

Ine ndimabwereketsa masipika ndi maiki kuno ku Salima. Anandipatsa ntchito pa msonkhano wa makomiti a asodzi mu holo ina ku Senga Bay, alendo olankhula Chingerezi atatu, anthu ofuna kumva m'Chichewa 40. Ndinafuna kuoneka katswiri. Ndinakwera basi mpaka ku Lilongwe, mnyamata wa m'shopu ina anandigulitsa kathiransimita, kachipangizo kotumiza mawu ku mahedifoni, ka Auracast kenikeni ndithu, kenako nkunditulutsira makatoni 40 a timahedifoni totchipa. Ndinamufunsa kawiri. Iye nkundiloza pa katoni: "Bwana onani, 5.3, ndipo Auracast imangofuna 5.2." Ndiye apa pali chinyengo chonse, chifukwa theka la mawu akewo ndi loona. Auracast imayendera pa LE Audio, njira yatsopano yotumizira mawu pa Bluetooth, ndipo LE Audio imafunadi Bluetooth 5.2 kapena kuposa. Koma kampani ikhoza kupanga hedifoni ya 5.3 kapena 5.4 osaikamo LE Audio nkomwe, ikumayendera njira yakale ija ya foni imodzi, hedifoni imodzi. Nambalayo ili ngati msewu wa phula wodutsa pakhomo panu, sikuti mwagula galimoto.

Usiku wake ndinayesa, musaganize kuti sindinayese. Ndinatsegula katoni imodzi, ndinalumikiza, nyimbo inamveka bwinobwino, ndinagona mtima uli m'malo. Sindinadziwe kuti kathiransimita kanga kali ndi njira ziwiri, yakale yolumikiza munthu mmodzi ndi yatsopano youlutsa ngati wailesi. Ine ndinayesa yakaleyo.

Mawa lake, Okutobala, dzuwa la kunyanja lija, malata akuthetheka, pemphero latha, tagawa mahedifoni, aliyense wavala. Mlendo wayamba kulankhula, womasulira wathu ali pakona akunong'oneza pa maiki. Ndikuona agogo amodzi okha kutsogolo akugwedeza mutu kuvomereza. Anapatsidwa hedifoni ija ndinayesa usiku. Ena 39 angoti duu, wina akuivula nkuiuzira mpweya ngati muli fumbi, wina akuimenya pachikhatho, a Gulupu akundiyang'ana ndi diso loti ndikanalowa pansi. Ndinathamangira ku mikisa thukuta lili kamukamu, ndinadina batani losinthira ku njira youlutsa, ndipo agogo aja nawonso anakweza mkono: "Zanga zazima!" Holo yonse phwa kuseka. Mlendo uja anaima, akumwetulira osadziwa chikuseketsa anthu. Ndiye mnyamata wina wa bungwe lomwe linandilemba ntchito anabwera ndi foni yake ya Galaxy S23 ndi timahedifoni take ta Galaxy Buds2 Pro, nkundionetsa dzina la thiransimita yanga likuoneka pa sikirini, nkundipatsa kuti ndimve. Mawu a womasulira oyera ngati ali pakhutu pomwe. Makina anga ankagwira ntchito nthawi yonseyi, kungoti mu holo monse munali makutu a munthu mmodzi yekha otha kuwamva. Tinamaliza msonkhano mwachikale, mlendo chiganizo, womasulira chiganizo, nsima tinadya cha m'ma 3 koloko. Malipiro anandidula pakati.

Ndikuimbira wa shopu uja, akuti katundu wotsegula sabwezedwa. Nanga ndikanayesa bwanji osatsegula? Kenako akuti mwina ndi netiweki ya kunyanja. Netiweki! Auracast sifuna bando, sifuna simu, sifuna intaneti. Munthu akugulitsa chinthu chimene iye mwini sanachiyatsepo, ndipo ndikudziwa akunamizabe ena mpaka pano.

Chimene ndinamvetsa mochedwa ndi ichi. Mawu amachoka pa thiransimita kupita molunjika ku hedifoni, sadutsa pa foni. Palibe kulumikizana kwa awiriawiri, nchifukwa chake anthu angachuluke bwanji, bola ali pafupi, onse amamva. Foni ntchito yake nkungosankhira hedifoni kuti imvere chiti, monga mmene mumasankhira dzina la Wi-Fi, kapena pojambula QR. Ndiye hedifoniyo iyenera kukhala ndi Auracast, ndipo foni yoisankhirayo nayonso izidziwa zimenezi. Tsopano werengani mu mpingo mwanu, ndi angati ali ndi foni ngati ya mnyamata uja? Ambiri athu tili ndi timafoni tamabatani kapena masimatifoni akale. Mukamamva kuti ku Sydney Opera House anaika Auracast mu 2025 muzikumbukira kuti dzina lenilenilo linangolengezedwa mu 2022, zipangizo zambiri zimene zili m'misika yathu sizinafike kumeneko.

Ndikanati musiyiretu, mungoimika womasulira pambali pa mlaliki monga timachitira kale. Zoona, kwa tsiku limodzi imeneyo ndiye nzeru. Komabe ine ndinakagulanso, ndipo pano ndikudyerapo. Ndinagula malisiva 12 a Auracast, timabokosi tokoleka m'khosi tokhala ndi batani losankhira ndi bowo la mahedifoni a waya wamba. Safuna foni, agogo amangovala. Ngati mukugula, gulani amenewo.

Poyesa, musachoke m'shopu asanakuyatsireni atatu nthawi imodzi, onse akumva thiransimita imodzi. Mmodzi yekha akamveka sizikutanthauza kanthu, ndine mboni. Pa katoni funani mawu akuti Auracast, osati nambala, ndipo ngakhale mawu oti LE Audio okha musakhutire nawo osamva ndi khutu lanu. Funsaninso ngati thiransimitayo imatha kuulutsa mawu pa mlingo wa kamvekedwe wa 16 kHz kapena 24 kHz. Zimenezi ndi zomwe chipangizo chilichonse cha Auracast chimayenera kulandira, pomwe 48 kHz ena salandira, makamaka timakina tothandiza kumva. Mukaona dzina likuoneka koma mawu osabwera, yambani kukayikira pamenepo, kapena pa nambala yachinsinsi ngati munaitsekera. Ku tchalitchi musatseke, ulaliki si chinsinsi.

Thiransimita musaiike pansi kuseri kwa mikisa. Imayenda pa 2.4 GHz, ndipo matupi a anthu amameza mafunde amenewa, ndiye holo yopanda anthu imakunamizani kuti zonse zili bwino, ikadzaza akumbuyo ayamba kumva modukaduka. Ine ndimaimangirira pamtengo pamwamba pa mitu ya anthu, poonekera mbali zonse. Yanga imadya moto wa USB, ndiye ndimaipatsa pawabanki yakeyake kuti magetsi akazima isazime, ngakhale mikisa ikazima ndiye kuti zonse zathera pomwepo. Malisiva tchajani usiku, ndipo lembani manambala pa aliyense ndi dzina la wotenga, anga awiri anapita ndi anthu ku Chipoka mpaka lero.

Mukafuna, Loweruka lina ndibwere ndi 10 otsalawo mudzayesere mu tchalitchi mwanu momwemo anthu a kwaya ali mkati, mungondibwezera thiransipoti. Ndipo ngati alipo m'gulu muno akufuna timahedifoni tomvera nyimbo pa foni, ndikadali nato 31 m'katoni pansi pa bedi, tolembedwa 5.3 bwinobwino.