Zamkati ndi zakunja pa funso la SWOT

"Anzanga a muno mu Joni, mwezi wamawa ndikulemba mayeso a bizinesi. Pa SWOT ndimasokoneza zofooka ndi ziopsezo. Kuzima kwa magetsi ndinakuika pa W, andichongera kuti ndalakwa. Ndizisiyanitsa bwanji?"

Achemwali, chimene chikukugwetsani n'chakuti mukuyamba ndi kufunsa kuti "ichi n'chabwino kapena choipa?" Funso limenelo libwere pambuyo. Loyamba ndi lakuti chinthucho chili mkati mwa bizinesi kapena kunja. SWOT ndi njira younikira bizinesi m'magawo anayi: mphamvu (S) ndi zofooka (W) ndi zamkati, mwayi (O) ndi ziopsezo (T) ndi zakunja. Mukayamba ndi "choipa", W ndi T zimaoneka ngati mapasa.

Musanasanje chilichonse, dulani mzere pansi pa dzina la bizinesi imene funso likunena, chifukwa mpanda wolekanitsa zamkati ndi zakunja uli pamenepo. Ndiye chiganizo chilichonse muchiyese motere: kodi mwini bizinesi angachisinthe ndi chisankho chake? Mukakayikabe, funsani ngati chinthucho chikukhudzanso wopikisana naye wa tsidya la msewu. Chikawakhudza onse awiri, n'chakunja.

Tiyerekeze kuti nkhani ya pamayeso ikuti: "Shopu yosoka zovala ku Mayfair ili ndi matelala anayi aluso ndi makina asanu, awiri mwa iwo ndi akale. Magetsi akazima ntchito imaima chifukwa shopuyi ilibe jenereta. Sukulu yapafupi ikufuna wosoka mayunifolomu. Woodetsa nsalu wakweza mtengo, ndipo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma akwera."

Matelala aluso ndi S, makina akale ndi W, apo palibe mkangano. Msampha uli pa chiganizo cha magetsi, chifukwa chanyamula mfundo ziwiri. Kuzima kwa magetsi mwini shopu sangakuletse. Ndi nkhani ya Eskom ndi City Power, ndipo telala wa khomo loyandikana nayenso ali mumdima womwewo. Imeneyo ndi T. Koma kusowa kwa jenereta ndi kwa shopuyi yokha, mwini wake atha kugula kapena kusagula, choncho ndi W. Mukaona mawu ngati "chifukwa", "koma", "ngakhale", imani kaye, nthawi zambiri chiganizocho chimafunika kuchidula pakati. Inuyo munaliona vuto, koma munatenga theka lakunja n'kuliika m'bokosi lamkati.

Woodetsa nsalu amanyenga ambiri. Poti amabwera pashopu sabata ndi sabata, anthu amamuyesa wapakhomo. Ayi. Oodetsa katundu, makasitomala, opikisana nawo, mabanki ndi mwini nyumba yalendi, onsewa ali kunja kwa mpanda ngakhale mumadyera nawo limodzi. Kukwera kwa mtengo wa nsalu ndi T. Nkhani ikanati shopuyi imadalira woodetsa mmodzi yekha, imeneyo ikanakhala W, popeza kusafunafuna wachiwiri ndi chisankho cha mwini.

Za malipiro nazo n'chimodzimodzi. Pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa kuno anachoka pa R27,58 kufika pa R28,79 pa ola. Akukhudza antchito a mkati mwa shopu, inde, koma lamulolo lachokera kuboma ndipo lagwera olemba ntchito onse, ndiye ndi T. Muziona kumene chinthu chachokera, osati kumene chagwera. Ngongole yaikulu imene shopu yatenga ndi W, pomwe kukwera kwa chiwongoladzanja kubanki ndi T.

Pa mwayi pali kulakwitsa kwina kumene kumadya malikisi mwakachetechete. Wina amalemba pa O kuti "shopu iyambe kusoka mayunifolomu". Imeneyo ndi njira yochita, si mwayi. Mwayi ndi chimene chilipo kale kunjako, kaya shopu ichitepo kanthu kaya ayi: "sukulu yapafupi ikufuna wosoka mayunifolomu". Mukaona kuti yankho lanu lili ndi "iyambe", "igule" kapena "itha kutsegula", mwalowa m'funso la malangizo, limene kawirikawiri limabwera palokha ndi malikisi ake.

Onaninso kuti mpanda umasuntha funso likasintha. Likanakhala la woodetsa nsalu uja, mtengo wake ukanakhala wamkati, ndipo shopu ya ku Mayfair ikanasanduka kasitomala, wakunja.

Polemba, jambulani mabokosi anayi, S ndi W pamwamba, O ndi T pansi. Funso likati mutenge mfundo m'nkhani, kopani mawu ake momwe alili, musaonjeze zanu monga umbava wa m'tauni ngati nkhaniyo sinautchule. Likapempha ziopsezo ziwiri, lembani ziwiri zimene mwatsimikiza, ndipo mfundo imodzi musaiike m'mabokosi awiri poganiza kuti kwina mukhoza. Pa nkhani ya ku Mayfair, T ili ndi zitatu zosankhapo: magetsi, mtengo wa nsalu ndi malipiro.