Malisiti a kopaletivi: tebulo kwa asungichuma, JSON kwa wa pulogalamu, timadontho kwa apampando

*"Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji. Ndili ndi malisiti olemba pamanja pafupifupi 400 oti nditolemo zofunika. Asungichuma akufuna tebulo, mnyamata amene akutikonzera pulogalamu akuti JSON, apampando akuti ndiwatumizire mfundo pa WhatsApp. Ndisankhe chiti? Sindingalembe katatu."*

Alembi, musalembe katatu. Lembani kamodzi mu tebulo, mosamala kwambiri, ndipo zinazo zituluke mmenemo. Chifukwa chake muchiona mukayang'ana chimene aliyense wa anthu atatuwa achite akangolandira. Apampando awerenga pafoni, mwina ali panjira kupita kumsonkhano, kenaka agamule. Asungichuma awonkhetsa, afananize, afufuze amene sanalipidwe. Mnyamata uja sawerenga n'komwe, angopereka fayiloyo ku makina, ndipo makina sadziwa kuganizira chimene munafuna kunena. Kuchoka pa tebulo lolembedwa bwino kupita ku JSON, kalembedwe kamene mapulogalamu a kompyuta amawerenga, kapena ku mfundo n'kotsetsereka. Koma mukayamba ndi mfundo za apampando, tsiku limene asungichuma adzafunse makilogalamu a munthu mmodzi mudzabwereranso ku mulu wa malisiti uja.

Funso loyamba pa tebulo, limene ambiri amalidumpha, ndi lakuti mzere umodzi ukuimira chiyani. Mtima umathamangira kuti mlimi aliyense akhale ndi mzere wake. Ndikukupemphani musatero. Mlimi mmodzi amabwera ndi soya mu Meyi, n'kudzabweranso ndi mtedza mu Juni, wina amabwera kanayi, ndiye mumayamba kuwonjezera makolamu a "tsiku lachiwiri", "tsiku lachitatu", mpaka tebulo likulire cham'mbali ndipo kuwonkhetsa kukanike. Mzere umodzi ukhale lisiti limodzi la mbewu imodzi. Ngati lisiti lili ndi soya ndi mtedza pamodzi, litenge mizere iwiri yokhala ndi nambala ya lisiti yofanana. Ndipereke chitsanzo cha malisiti atatu, mitengo yake ndi yongoyerekeza:

| lisiti | membala | tsiku | mbewu | kg | mtengo_pa_kg |
|---|---|---|---|---|---|
| 0231 | 014 | 2025-05-06 | soya | 150 | 1200 |
| 0232 | 027 | 2025-05-06 | soya | 100 | |
| 0298 | 014 | 2025-06-05 | mtedza | 80 | 2000 |

Onani kuti m'kolamu ya makilogalamu mulibe mawu. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera mwakachetechete. Mukalemba "150kg" kapena "matumba 3" m'kabokosi, Excel imaona ngati mawu, ndipo `SUM` imangodumpha mawu osakuchenjezani. Pa soya wa m'chitsanzochi, m'malo mwa 250 mupeza 100, ndipo palibe chofiira chilichonse chimene chioneke. Asungichuma adzazindikira pamene ndalama ya m'buku ikukana kugwirizana ndi matumba a m'nyumba yosungiramo mbewu, ndipo woyamba kukayikiridwa ndi amene amayeza pasikelo. Muyeso ukhale pamutu pa kolamu, m'munsimo manambala okhaokha. Lisiti likanena matumba, musangochulukitsa ndi 50 ngati simukudziwa kuti matumbawo anadzaza ndi kuyezedwa. Ikani kolamu ina ya ndemanga, mulembemo kuti pa lisiti panalembedwa matumba.

Pali njira ziwiri zodziwira ngati mawu alowerera. Yamaso: ngati simunasinthe kalikonse, nambala zimatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu kumanzere, ndiye yendetsani maso m'kolamu muone chotsamira kolakwika. Yotsimikizika ndi iyi:

```
=COUNT(E2:E401)
=COUNTA(E2:E401)
```

Yoyamba imawerenga timabokosi ta nambala tokha, yachiwiri imawerenga tonse tosakhala topanda kanthu. Zikasiyana ndi 7, ndiye kuti pali mizere 7 yofunika kuisaka.

Nambala ya membala ndi ya lisiti zimafuna zosemphana ndi zimenezi. 014 si chiwerengero, ndi dzina, ndipo palibe adzaiwonkhetse. Excel ikaiona ngati nambala imachotsa ziro wa kumayambiriro n'kusiya 14. Imachitanso chimodzimodzi ndi manambala a foni oyamba ndi 088 kapena 099, ndipo mukadzafuna kulipira alimi pafoni mudzapeza mndandanda wonse woduka mitu. Musanalembe chilichonse, sankhani makolamu amenewa ndi kuwaika pa `Text`.

Tsiku nalo lili ndi msampha wake. Ife timalemba 06/05/2025 kutanthauza pa 6 Meyi. Kompyuta yotcheredwa mwa ku America iwerenga Juni 5. Chizindikiro chake n'chakuti masiku opitirira 12, monga 23/05/2025, amakana kusanduka tsiku n'kukhala mawu otsamira kumanzere, pamene enawo atembenuzidwa kale mosaonekera. N'chifukwa chake m'chitsanzo ndayamba ndi chaka, kenaka mwezi, kenaka tsiku, malinga ndi muyezo wa ISO 8601. Palibe angawerenge 2025-05-06 mwanjira ina.

Tsopano lisiti 0232, limene mtengo wake sunawerengeke, mwina inki inafufutika ndi mvula. Ndasiya mpata dala. Mukaika 0 mwanena kuti mlimi 027 anapereka soya wake ulele. `AVERAGE` imadumpha kabokosi kopanda kanthu koma imawerengera ziro, choncho pa malisiti awiri a soya aja mtengo wapakati ugwa kuchoka pa 1200 kufika pa 600. Kumbuyo kwa mpatawo kuli munthu amene akudikira ndalama yake, ndiye usabisike.

Tebulo likakhala lotere, la asungichuma latha. Angawonjezere okha kolamu yochulukitsa kg ndi mtengo, apeze K180,000 pa lisiti loyamba ndi K160,000 pa lachitatu.

Za JSON ndikuuzani poyera: si ntchito yanu kuilemba pamanja kokwana 400. Sungani tebulo ngati CSV, fayilo ya mawu okhaokha imene makolamu ake amalekanitsidwa ndi mipatuliro, posankha mtundu wa `CSV UTF-8` kuti chilembo ŵ cha m'maina ena chisasanduke zizindikiro zachilendo, ndipo mnyamatayo aisandutse JSON yekha ndi mizere yochepa ya pulogalamu. Koma muyenera kuidziwa kuti mugwirizane naye ndi kuona ngati watulutsa zolondola. Chimene JSON imaposa tebulo n'chakuti imatha kuika zinthu m'kati mwa zinzake, mlimi pamwamba, malisiti ake onse pansi pake:

```json
{
  "membala": "014",
  "malisiti": [
    {"lisiti": "0231", "tsiku": "2025-05-06", "mbewu": "soya", "kg": 150, "mtengo_pa_kg": 1200},
    {"lisiti": "0298", "tsiku": "2025-06-05", "mbewu": "mtedza", "kg": 80, "mtengo_pa_kg": 2000}
  ]
}
```

Malamulo ake, olembedwa mu RFC 8259 ya mu 2017, ndi ochepa koma salola kukambirana. Mawu onse ndi maina a zinthu amakhala m'mitengero iwiriiwiri yoongoka, `"`, osati yopindika ija imene Word imaika yokha, choncho JSON isadutse mu Word. Nambala zoti ziwonkhetsedwe zimakhala zopanda mitengero, zopanda K, zopanda mpatuliro wa masauzande: `180000`, osati K180,000. Nambala siyiloledwa kuyamba ndi ziro wotsatiridwa ndi manambala ena, n'chifukwa chake "014" ili m'mitengero. Mpatuliro wotsalira pambuyo pa chinthu chomaliza umakanitsa fayilo yonse. Mulibe mtundu wapadera wa tsiku, limalowa ngati mawu, ndipo mpata wa lisiti 0232 uja umalembedwa `null`. Mfunseni mnyamatayo kuti pulogalamu yake imatani ikakumana ndi `null`, chifukwa akapanda kuganizirapo ikhoza kumusandutsa ziro uja tamukana.

Pa kompyuta imene ili ndi Python, lamulo ili limayesa fayilo:

```
python -m json.tool malisiti.json
```

Ikakhala yolongosoka imaonekera yonse yoyalidwa bwino, ikakhala yolakwika mumauzidwa mzere ndi malo pamene pavuta. Dziwani malire ake: limayesa kalembedwe kokha. Ngati pena palembedwa `"kg"` pena `"makilo"`, kapena soya walembedwa "Soya" ndi "soya " wokhala ndi mpata kumapeto, lamuloli likhala chete, koma pulogalamu idzaona mbewu zitatu zosiyana. Khalani pansi ndi mnyamatayo lero, mugwirizane maina a makolamu ndi kalembedwe ka mbewu, mumpatse mizere 10 yokha ayese, musanalowe m'malisiti enawo. Akatulutsa JSON yonse, awerenge malisiti ake ndi kuwonkhetsa makilogalamu, zifanane ndi za mu tebulo lanu.

Apampando musawatumizire chilichonse mwa ziwirizi. WhatsApp siijambula matebulo. Mukakopera makolamu asanu ndi limodzi, pafoni yaing'ono mizere imathyoka, nambala ya munthu wina n'kugwera pansi pa dzina la mnzake. JSON angoona timikombero n'kutseka. Iwo akufuna zimene zikuwadikira kuti agamule, ndipo mfundo za timadontho zimagwira ntchito imeneyi ngati zili zochepa, iliyonse yoima payokha, yofunika chigamulo ili pamwamba. Pano K ndi mpatuliro zibwerere, tsiku lilembedwe mmene timalinenera. Kuchokera pa malisiti atatu aja zikhoza kukhala chonchi:

- Lisiti 0232 la membala 027 mtengo sukuwerengeka; tikufuna chilolezo chanu kuti tione pa kope yotsala m'buku tisanamulipire.
- Soya wolandiridwa pa 6 Meyi ndi makilogalamu 250, mtedza wa pa 5 Juni ndi makilogalamu 80.
- Ndalama yodziwika yoti ilipidwe ndi K340,000, osawerengera lisiti 0232.

Mawu akuti "osawerengera lisiti 0232" musawasiye. Kufooka kwa timadontho n'kwakuti timadula chimene chimalumikiza mfundo ndi inzake, ndipo apampando akhoza kukaima pamsonkhano n'kulengeza K340,000 ngati ndalama yonse. Mukaona kuti mfundo zanu zikubwereza zinthu zomwezomwezo pa munthu aliyense, dzina, makilo, ndalama, dzina, makilo, ndalama, dziwani kuti limenelo ndi tebulo lofuna kubadwa. Lisindikizeni papepala, kapena jambulani chithunzi cha makolamu atatu okha, muwatumizire.

Chinanso, poti gulu la WhatsApp limakhala ndi anthu ambiri ndipo uthenga umatumizidwa kwina mosavuta: maina, manambala a foni ndi ndalama za munthu payekha zikhale mu tebulo la asungichuma. Mnyamata wa pulogalamu poyesa mizere 10 ija nambala ya membala imukwanira.

Ngati lisiti lina likukukayikitsani pamene mukulemba, musaime nalo nthawi yaitali. Lembani zimene zikuwerengeka, siyani mpata pa chosawerengekacho, lembani "onaninso" m'kolamu ya ndemanga, ndipo pepala lakelo muliike mu envelopu yapadera. Mukamaliza, sefani tebulo ndi mawu amenewo, mutenge envelopuyo mupite nayo kwa amene analemba malisiti tsikulo.