Kutsanzika pagulupu kusamveke ngati uthenga wa maliro

*Ndine mphunzitsi ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo ndikupita kukagwira ntchito ku Mchinji. Ndikufuna kutsanzika pagulupu yathu ya aphunzitsi ya pa WhatsApp, ya anthu oposa 200, pomwe mauthenga sakata. Ndalemba ndime zinayi zoyamba motere: "Abale anga, ndi mtima wosweka ndikudziwitseni kuti nthawi yakwana yoti ndikusiyeni 😭💔🕊️". Kodi zatalika? Maemoji akhale angati? Nanga ndinene chimene ndikuchokera?*

Aphunzitsi, tisanafike pa kutalika, fufutani mzere woyambawo. Munthu wotsegula foni pa nthawi yopuma, n'kupeza mauthenga 80 osawerenga, sawerenga ndime. Amangoponya diso pa mawu oyamba ndi tizithunzi, ndipo pa uthenga wanu diso lakelo ligwera pa "mtima wosweka", "ndikusiyeni" ndi nkhunda yoyera. Zitatuzi zikakhala pamodzi, Mchewa aliyense amva kuti kwagwa zovuta.

Vuto lili pa mneni "kusiya". Ife imfa sitiitchula mwachindunji. Timati "agogo atisiya", "mwana uja watisiya usiku wathawu", ndipo khutu linazolowera kotero kuti "kusiya" kukangogundana ndi anthu, maganizo amathamangira kumanda. Ndinaziona pagulupu ina ya anthu akumudzi kwathu. Mnyamata wina analemba kuti "Amayi atisiya lero m'mawa 😭", kutanthauza kuti mayi ake, amene anadzacheza kwa mwezi wathunthu, akwera minibasi kubwerera kumudzi. Mphindi zochepa zokha, pansi pake panali patadzaza "pepani", "mzimu wawo uuse mumtendere", ndipo wina anali atafunsa kale nambala yotumizirako chipepeso. Mwini wake anali m'munda, foni ili kunyumba. Mayiwo anamva za maliro awo akutsika minibasi.

Mawu oyenera tili nawo. Pali "kutsanzika", amene ena amalemba "kutsazika" (onse awiri amamveka, musataye nawo tulo), ndipo kuno kuchigawo chapakati tilinso ndi "kulawira". "Ndati ndilawire" ndi mawu a munthu wamoyo amene waima pakhomo, chikwama chili m'manja. Samalaninso ndi "andichotsa". Mukalemba kuti "andichotsa ku Santhe", theka la gulupu limva kuti ntchito yatha. Nenani kuti "andisamutsa" kapena "ndasamutsidwira ku Mchinji", ndipo dzina la kumene mukupitalo lioneke m'chiganizo choyamba chomwecho, chifukwa ndilo limachotsa mantha onse.

Ndime zinayi zachulukadi. Uthenga ukatalika, WhatsApp imaudula n'kuika "Read more", ndipo pagulupu yotanganidwa ambiri sadina pamenepo. Zimene mwasungira kumapeto, kuthokoza ndi kupepesa, ndizo zikwiririka. Ine ndikanalemba chonchi:

"Akuluakulu ndi aphunzitsi anzanga nonse, ndati ndilawire: ndasamutsidwira ku Mchinji ndipo ndinyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Zikomo pondisunga bwino zaka 6 zimene takhalira limodzi kuno ku Santhe. Pomwe ndinakulakwirani mundikhululukire. Nambala yanga sisintha, ndipo pagulupu pano ndituluka Lolemba. Tsalani bwino, tizionana 🙏"

Awa ndi mawu pafupifupi 40, okwana pafoni osatsitsa. Zaka 6 ndangoikapo ine, inu muike zanu. Onani kuti kufupikaku sikunadye ulemu. Ndayamba ndi "akuluakulu" chifukwa pagulupu ya ntchito pamakhala mahedi ndi alangizi a m'zoni, ndipo "abale anga" ikadawaika pa mphasa imodzi ndi anzanu oseka nawo. "Pondisunga" ndi mawu amene mlendo amanena kwa eni mudzi, ndipo amakwirira zambiri zimene mukanazilemba m'ndime yathunthu. Chiganizo chopepesa chisachoke, ngakhale simukukumbuka amene munamulakwira. Kwathu kuno munthu sachoka osachinena, ndipo chikasowa anthu amaona. Koma chikhale chachifupi choncho. Mukangowonjezera kuti "inenso amene anandilakwira ndawakhululukira", mwatsegula mlandu, ndipo aliyense ayamba kufunsa mnzake kumbali kuti akunenayo ndani.

Pa maemoji, imodzi yakwana, ziwiri ngati mtima ukukana, ndipo zikhale kumapeto. Emoji yoikidwa kumayambiriro imawerengedwa mawu asanawerengedwe. 🕊️, 🕯️ ndi 💔 zisiyeni kotheratu, anthu anazizolowera pa mauthenga a maliro. 😭 ndi yosadalirika: achinyamata amaiika akaseka mpaka misozi, akuluakulu amaona kulira kwenikweni, ndipo gulupu yanu ili ndi onse awiri. 🙏 nayo imapezeka pansi pa uthenga wa maliro, n'zoona, koma ikatsatira "tizionana" sisokoneza munthu, imangokhala ngati kuwomba m'manja. 👋 ndi yabwino kwa anzanu, ngakhale kwa bwana imaoneka yopepuka pang'ono. Njira yoyesera ndi yosavuta: phimbani mawu onse ndi chala, muyang'ane tizithunzi tokha. Ngati tikufotokoza nkhani ina yosiyana ndi yanu, tichotseni.

Chifukwa chochokera musachinene. Pa anthu 200, amene mumadya nawo nsima mwina ndi khumi, ena onse ndi manambala chabe, ndipo uthenga wa pagulupu umajambulidwa n'kutumizidwa kwina inu musanafike n'komwe pa Kamwendo. Kaya mukutsatira banja, kaya ndi matenda, kaya simunamvane ndi wina kuntchito, zimenezo ndi za kumbali. Boma limene mukupita ndi lokwanira. Dzina la sukulu yatsopano lidikire kaye mpaka mutafika n'kulandiridwa, poti nkhani za kusamutsidwa zimatha kusintha kalata ili kale m'manja. Tsiku lenileni lonyamuka nalonso ndalizemba dala polemba "kumapeto kwa mwezi uno": palibe chifukwa choti anthu osawadziwa adziwe tsiku limene katundu adzakhale atamangidwa pakhonde.

Chimene chimavuta ambiri ndi mayina. Mtima umafuna kutchula amene anakulandirani tsiku loyamba, amene anakubwerekani njinga, amene anakuperekezani kuchipatala. Mukatchula asanu, wachisanu ndi chimodzi awerenga mpaka pansi kufunafuna dzina lake, ndipo akapanda kulipeza akumbukira zimenezo kuposa zabwino zonse munalemba. Tchulani maudindo ngati n'kofunika, "ahedi athu ndi komiti ya sukulu", basi. Ndime zitatu zotsala zija musazitaye. Zigaweni, aliyense mumutumizire gawo lake payekha, kapena mumuimbire. Kumeneko ndiye lirani ndi 😭 mmene mungafunire.

Chiganizo cha "ndituluka Lolemba" chili ndi ntchito yake. Kuyambira 2022, munthu akatuluka pagulupu ya WhatsApp chidziwitso chimapita kwa maadimini okha, osati kwa onse ngati kale. Choncho mukatumiza uthenga n'kutuluka pompo, anthu akhala akuyankha "muyende bwino aphunzitsi" kwa munthu amene kulibe, ndipo inu simuona ngakhale yankho limodzi. Tumizani madzulo anthu ataweruka, osati pakati pa zokambirana za mayeso kapena tsiku limene palengezedwa maliro enieni, kenako khalani masiku awiri kapena atatu. Simukuyenera kuyankha aliyense payekha, mungadzaze gulupu ndi "zikomo" 60. Lolembalo m'mawa lembani kamodzi kuti "Mafuno abwino onse ndawalandira, zikomo kwambiri nonse", dikirani mpaka masana, ndiye mutuluke.