Uthenga wopepesa maliro wochokera ku komiti ya mzikiti

"Asalaam alaikum achimwene. Ndine mlembi wa komiti ya mzikiti, tataya bambo wina amene timaswali naye ndiye andiuza ndilembe uthenga wopepesa banja. Ndilembemo mawu anji, nanga utalike bwanji?"

Wa alaikum salaam achimwene, pepani ndi zovutazo. Pa kutalika ndisakunamizeni, mizere 6 kaya 8 yakwana. Munthu woferedwa mutu sukhala m'malo, peji yathunthu sangawerenge, komanso paja ife maliro sitichedwa nawo ndiye uthenga wanu ufike tsiku lomwelo kapena mkati mwa masiku 3 akulira aja, osati mudikire mitingi ya komiti sabata yamawa.

Ine ndikanalemba chonchi:

"Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Ife a komiti ya mzikiti tamva ndi chisoni za imfa ya bambo athu, bambo Uje, amene timaima nawo pa swala. Ndi za Allah zimene watenga, ndi zake zimene wapereka, ndipo chilichonse kwa Iye chili ndi nthawi yake. Allah awakhululukire, awachitire chifundo ndi kuwalowetsa ku Jana, ndipo inu akupatseni kupirira ndi malipiro aakulu. Za kusambitsa, sanda ndi swala ya jeneza tithandizana nanu, muyankhule ndi atcheyamani."

Mawu oyambawo ali mu Kurani, surat Bakara ndime 156. Aja akuti "ndi za Allah zimene watenga" ndi amene Mtumiki, swalla llahu alaihi wasallam, anatumizira mwana wake wamkazi mwana wa mayiyo ali kayakaya, ndiye simungapeze ena oposa amenewo. Ndawaika m'Chichewa dala, chifukwa pabanja pamakhala abale ena osamva Chiarabu, ena si Asilamu n'komwe.

Pomwe anthu amaphonya kwambiri ndi pa duwa ya Chiarabu yongokopera pa foni. Allahumma ghfir lahu ndi ya mwamuna, wamkazi ndi laha, ndiye tangoganizani banja lataya mayi inu mwalemba lahu, odziwa aona pompo kuti munangokopera osawerenga. Ngati mukukayika lembani m'Chichewa basi, duwa ndi duwa. Akakhala mwana wamng'ono chotsani zomupemphera chikhululuko zija poti sanalembedwe machimo, m'malomwake pemphani kuti akhale wowatsogolera makolo ake ndi malipiro awo.

China, musalembe kuti "panopa ali ku Jana". Zimamveka zokoma inde koma wodziwa zimenezo ndi Allah, ife kwathu n'kupempha. Matenda amene anawatenga asalowemo, ngakhale zoti ankajomba ku mzikiti kaya anali ndi ngongole ya zopereka.

Mzere womalizawo muonetsetse musanatumize. Musalonjeze galimoto kapena sanda komiti isanagwirizane, zimachititsa manyazi banja likuimba foni inu mukuponyerana. Pansi pake musayine m'dzina la komiti, ndipo awiri atatu apite nawo pamanja kwa anamfedwa, pa foni pakhale pongotsogoza.